Nenani za mzere, matenda akhale anu

Munthu akabwera kuchokera kuchipatala, anansi amamulandira ndi mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, “Mwayendako bwanji?” Lachiwiri limabwera pomwepo: “Nanga akupezani ndi chiyani?” Mafunsowa amatsatana kwambiri moti ambirife timawayankha mpweya umodzi. Komatu ndi osiyana. Loyamba likufunsa za chipatala: mzere unali wotani, anakulandirani bwanji, mankhwala analipo kapena ayi. Lachiwiri likufunsa za thupi lanu. Yankho la funso loyamba ndi la mudzi wonse, chifukwa mawa wina adzaima pamzere womwewo. Yankho lachiwiri ndi lanu nokha, ndipo likatuluka pakamwa silibwereranso.

Masiku ano mayankho athu sathera pakhonde. Timawalemba m’gulu la Watsapu la kumpingo, timawaika pa Fesibuku, timaimba foni kuwailesi, timaponya kapepala m’bokosi la madandaulo, ena timaimirira pamsonkhano wa komiti ya chipatala. Palibe cholakwika. Chipatala chimene palibe amene amachinena, chabwino kapena choipa, chimatha kukhala zaka ndi vuto laling’ono lotheka kukonzedwa m’sabata imodzi. Chimene chimandimvetsa chisoni n’chakuti anthu ambiri amaganiza kuti pali njira ziwiri zokha: kukhala chete kuti asadziulule, kapena kunena zonse kuti anthu awakhulupirire. Njira yachitatu ilipo, ndipo ndi imene imathandiza chipatala kuposa ziwiri zinazo.

Tiyerekeze mayi wina wa pamalo a malonda kumudzi. Wapita kuchipatala chaching’ono cha boma m’mawa, wabwerako masana atatopa ndi njala ndi mkwiyo. Akutenga foni n’kulembera gulu la anthu a m’dera lake motere:

“Anthu inu, chipatala chathuchi chaonjeza. Lero Lachitatu ndinapita kukatenga mankhwala anga a miyezi itatu, ndakhala tsiku lonse pakhomo la kuseri lija. Bakitirimu akuti watha. Mayi aja ogulitsa tomato pafupi ndi chigayo ndinali nawo, nawonso abwerera chimanjamanja.”

Mayiyu sanatchule matenda. Iye akuona ngati wasunga chinsinsi. Koma aliyense wa m’deralo amene wawerenga wadziwa kale, ndipo wadziwa kudzera pa zinthu zinayi.

Choyamba ndi tsiku. Zipatala zing’onozing’ono zambiri zimagawa ntchito potsata masiku: tsiku la sikelo ya ana, la amayi oyembekezera, la kulera, la olandira mankhwala otalikitsa moyo, la odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Anthu a m’deralo amawadziwa masikuwa ngati masiku a msika. Chachiwiri ndi khomo. “Khomo la kuseri,” “chipinda nambala 5,” “tenti ija ili pansi pa mtengo”: dzina la malo limanena ntchito ya pamalopo. Chachitatu ndi mankhwala. Bakitirimu amaperekedwa pa matenda osiyanasiyana, koma amaperekedwanso kwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV kuti awateteze ku matenda ongolowerapo, ndipo mukamuphatikiza ndi mawu oti “mankhwala anga a miyezi itatu,” palibenso chobisika. Chinthu chimodzi pachokha sichikanaulula kanthu. Zitatu pamodzi zaulula.

Chachinayi ndicho choopsa kwambiri, chifukwa sichikhudza mayiyu. Mayi wogulitsa tomato uja sanapemphedwe. Mwina mwamuna wake sakudziwa, mwina ana ake sakudziwa, mwina apongozi ake ali m’gulu lomwelo. Dzina lake silinalembedwe, koma pafupi ndi chigayo pali wogulitsa tomato mmodzi. Munthu ali ndi ufulu woulula za iye mwini ngati wasankha kutero, ndipo alipo ambiri amene amalankhula poyera za kachilombo kawo n’kuthandiza ena. Koma palibe amene ali ndi ufulu wosankhira mnzake. Malamulo a dziko lino amanena zimenezi: ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko imateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi la chaka cha 2018 limaletsa kuulula kuti wina ali ndi kachilombo popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo linatchula. Anthu ambiri amaganiza kuti zimenezi n’za anamwino ndi madokotala okha. Ayi, mnzako wa pabenchi nayenso wamva zimene sakuyenera kukanena.

Ndipo onani chodabwitsa: uthenga uja waulula anthu awiri, koma woyang’anira chipatala akauwerenga sapezamo chogwira. “Tsiku lonse” ndi maola angati? Mzere unaima pati? Anachedwa kutsegula, kapena kunali dokotala mmodzi yekha? Zimene zingakonze chipatala mulibe, zimene zingapweteke anthu ndi zimene zadzadza.

Wotchi ndiyo mboni

Nthawi yodikira si chinthu chimodzi. Paulendo umodzi munthu amadikira kanayi kapena kasanu, ndipo kudikira kulikonse kuli ndi mwini wake. N’chifukwa chake amene akufuna kunena zoona zake ayenera kumayang’ana nthawi pafoni akamachoka pamalo ena kupita pena, n’kumalemba penapake. Tibwerere kwa mayi uja, tiyerekeze kuti anachita zimenezi.

Anafika 6:40 m’mawa, n’kupeza anthu ngati 30 ali kale pakhonde. Makomo anatsegulidwa 7:30. Panali pemphero ndi phunziro la zaumoyo mpaka 8 koloko. Mabuku anatoleredwa 8:10. Anamuyeza pasikelo 9:05. Analowa kwa dokotala 10:25, anakhalamo mphindi 5, n’kutumizidwa kukayezetsa. Kumeneko anamuthandiza 11:20, zotsatira zinatuluka 11:55, ndipo 12:10 anaonananso ndi dokotala kwa mphindi 4. Atafika pazenera la mankhwala 12:15 anapeza potseka. Panatsegulidwa 1:30 masana, iye n’kulandira mankhwala 1:50.

Kuyambira 6:40 mpaka 1:50 ndi maola 7 ndi mphindi 10. Koma chilungamo chimafuna kuti tichotsepo mphindi 50 zoyambazo, chifukwa chipatala chinali chisanafike nthawi yake yotsegulira. Kulawira kunali kwa iye mwini. Atsala maola 6 ndi mphindi 20. Tikaphatikiza nthawi imene wachipatala anali naye maso ndi maso, mphindi 2 pasikelo, 5 kwa dokotala, 3 koyezetsa, 4 kwa dokotala kachiwiri ndi 3 pazenera, tikupeza mphindi 17 zokha. Tsopano vuto layamba kuoneka pamene lili. Pali malo awiri pamene nthawi inatayika kwambiri: maola 2 ndi mphindi 15 pakati pa kutolera mabuku ndi kulowa kwa dokotala, ndiponso ola limodzi ndi mphindi 35 pazenera la mankhwala.

Mavuto awiriwa si ofanana, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Loyamba mwina likuchokera pa kuchepa kwa ogwira ntchito. M’zipatala zambiri zakumudzi munthu mmodzi ndi amene amaona odwala onse akunja, ndipo ngati aliyense amutengera mphindi 4 kapena 5, munthu wa nambala 30 sangalowe maola awiri asanakwane, ngakhale dokotalayo asadzuke kukamwa madzi. Vuto limeneli woyang’anira chipatala sangalithetse yekha, koma komiti ikhoza kulitengera kuofesi ya zaumoyo ya m’boma ili ndi nambala m’manja. Lachiwiri ndi la dongosolo chabe: kusinthana nthawi ya nkhomaliro kuti zenera lisatsekedwe, kapena kungouza anthu nthawi yodzatsegula kuti akagule kachakudya. Munthu akangolemba kuti “ndakhala tsiku lonse,” mavuto onse awiri amakwiririka m’mawu amodzi.

Mphindi 35 za kudikira zotsatira zija musathamangire kuzidandaula. Kuyeza kwina kuli ndi nthawi yake yosadumphika. Kachipangizo koyezera malungo mwachangu kamafuna mphindi 15 mpaka 20 magazi atadonthezedwapo, ndipo wokawerenga nthawi isanakwane akhoza kukuuzani kuti mulibe malungo pamene alimo. Kuyeza pagalasi loonera tizilombo kumatenga nthawi yoposa pamenepo. Apa kudikira ndi mbali ya chithandizo.

Palinso nkhani ya odumpha mzere, imene imakwiyitsa anthu kuposa kudikira kwenikweniko. Kudumpha kwina ndi kwa chibale ndi chinzake, ndipo kuyenera kunenedwa. Koma kwina ndi lamulo la ntchito. Achipatala amaphunzitsidwa kusanthula ana odwala akangofika n’kuwagawa patatu. Mwana amene akubanika, akukomoka, sakutsitsimuka kapena watha madzi m’thupi kwambiri amathandizidwa nthawi yomweyo. Khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wotentha thupi kwambiri, wakupsa ndi moto, woyera m’manja chifukwa chochepa magazi kapena wobwera ndi kalata yochokera kuchipatala china amapititsidwa kutsogolo. Ena onse amatsata mzere. Njira imeneyi inakhwimira kuno kwathu, ku chipatala cha Gulupu mu mzinda wa Blantyre, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse linaitenga n’kuifalitsa kumayiko ena. Choncho mukaona namwino akuyenda mumzere, akuyang’ana ana m’maso ndi m’manja, kenako n’kutengapo mayi wina wakumbuyo, lembani kuti chipatalacho chikugwira ntchito bwino. Choipa ndi pamene palibe amene akuyenda mumzere, mwana wodwalitsitsa n’kumadikira limodzi ndi wachimfine. Ndipo zimenezi mungazinene popanda kufotokoza mwana wa mwini: “Kwa maola awiri sindinaone wachipatala aliyense akubwera kudzaona ngati pamzere pali wodwala kwambiri.” Basi. Nkhope ya mayi, chitenje chimene anavala, mudzi umene amachokera, zonsezo zisiyeni.

Zimene anachita, osati zimene anapeza

Kufotokoza chisamaliro n’kovutirapo kuposa kufotokoza nthawi, chifukwa palibe wotchi yoyezera ulemu. Ambiri timangoti “anamwino a pamenepo ndi amwano” kapena “adokotala ake ndi abwino.” Mawu oterewa amanena za mtima wa wolembayo, sanena zimene zinachitika. Wonenedwa mwano amakana, woyamikiridwa sadziwa chimene anachita bwino kuti apitirize.

Njira yake ndi kunena zochita zimene maso anaona ndi makutu anamva. Kodi anakupatsani moni n’kukulozerani pokhala? Anakusiyani kuti mumalize kufotokoza, kapena anayamba kulemba m’buku musanatsegule pakamwa? Anakupimani, kapena anangofunsa? Anasamba m’manja kapena kuvala magolovesi atsopano? Chitseko chinali chotseka? Munali nokha m’chipinda, kapena analowetsa anthu awiriawiri kuti mzere ufulumire? Anapempha chilolezo asanakukhudzeni, makamaka ngati m’chipindamo munali ophunzira? Anakuuzani zimene apeza m’mawu oti mumve? Pazenera anakufotokozerani kamwedwe ka mankhwala, kapena anangoponya kapepala? Anakuuzani tsiku lobwerera, ndi zizindikiro zimene zikaoneka muyenera kubwera msanga? Onani kuti mafunso onsewa angayankhidwe ndi wodwala malungo, wa chifuwa chachikulu, wa matenda opatsirana pogonana kapena wothyoka mkono, ndipo woyankha sangadziwike kuti ndi uti mwa anayiwa.

Pamankhwala, werengani m’malo motchula. “Pa mitundu iwiri imene anandilembera, umodzi unalipo, wina anati ndikagule.” Anthu a m’gulu la Watsapu amva zimene akufunika kumva: kuti atengeko kandalama. Dzina la mankhwala osowawo likufunika ndithu, koma kwa woyang’anira chipatala kapena komiti, osati kwa gulu lonse. Ndalama nazo zinenedwe momveka. M’zipatala za boma chithandizo cha masiku onse ndi chaulere, choncho ngati wina anakupemphani ndalama, nenani kuti zingati, pamalo ati, ndipo risiti anapereka kapena ayi. M’zipatala za mishoni za pansi pa CHAM kumakhala kolipira, ngakhale zina zili ndi mgwirizano ndi boma woti magulu ena, monga amayi oyembekezera, athandizidwe osalipira. Kunena mtengo wa kuonana ndi dokotala kulibe vuto. Kujambula risiti yonse kuli ndi vuto, chifukwa risiti imandandalika zimene anayeza ndi mankhwala amene anapereka.

Pa zithunzi ndiyenera kuimapo pang’ono. Kuno kwathu wodwala amasunga yekha buku lake la kuchipatala, ndipo mbiri yake yonse imayenda naye m’chikwama. Munthu wokwiya amafuna umboni, ndiye amatsegula bukulo n’kujambula tsamba la lero kuti aonetse mankhwala amene sanapatsidwe. Amaiwala kuti pamwamba pa tsamba lomwelo pali zolemba za ulendo wapitawo, kuti tsidya lina likuoneka, kuti pachikuto pali dzina, mudzi, mfumu ndi tsiku lobadwa, ndiponso kuti zilembo zachidule za madokotala zimene iye sazimva, namwino aliyense kapena mwana wa sukulu ya zaumoyo amaziwerenga mosavuta. Chithunzi cha mzere ndi chimodzimodzi. Inu mukufuna kuonetsa kuchuluka kwa anthu, koma mwajambula nkhope 20 zili pansi pa chikwangwani cha “Kulera.” Pakati pawo pali mayi amene anauza mwamuna wake kuti akupita kusikelo ya mwana. Pali mtsikana amene ali ndi pakati pa miyezi iwiri, ndipo mwambo wathu tonse tikuudziwa, kuti pakati sipalengezedwa pasanaoneke. Ngati chithunzi chikufunikadi, jambulani chinthu: mpopi wouma, chimbudzi chodzadza, zenera lotseka, benchi lothyoka. Kuchuluka kwa anthu kuwerengeni, musakujambule.

Tsopano uthenga wa mayi uja ukhoza kulembedwanso chotere:

“Sabata yatha ndinapita kuchipatala chathu. Anatsegula panthawi yake, 7:30, ndipo tinalipo anthu ngati 30. Ndinaonana ndi adokotala 10:25, analipo okha. Anandimvetsera bwino, chitseko chili chotseka, ndipo anandifotokozera zonse momveka. Vuto linali pazenera la mankhwala: ndinapeza potseka 12:15, anatsegula 1:30, ndipo palibe anatiuza kuti tidikire mpaka liti. Pa mankhwala awiri amene anandilembera, amodzi analibe, anati ndikagule. Ndinatuluka 1:50. Akomiti, tithandizeni kuti zenera lisamatsekedwe nthawi ya nkhomaliro. Amene mukupitako, tengani kamba ndi ndalama pang’ono.”

Tsiku lenileni lachoka, m’malo mwake mwalowa “sabata yatha.” Khomo lachoka. Dzina la mankhwala lachoka. Wogulitsa tomato wachoka. Koma maola atsala onse, ndipo mwalowa zinthu ziwiri zimene munalibe: chiyamiko cholunjika ndi pempho lotheka. Uthengawu ndi wautali kuposa woyamba uja, komabe palibe angaloze kuti mayiyu amadwala chiyani.

Musanatumize uthenga wotere, uwerengeni ndi maso a munthu amene simungafune kuti adziwe: apongozi, abwana, mwinimudzi, kapena mnansi amene simugwirizana naye. Dzifunseni kuti iyeyo, podziwa masiku a chipatala chanu ndi makomo ake, angatolemo chiyani. Kumudzi muyeso umenewu uyenera kukhala wolimba kuposa m’tauni, chifukwa kumene chipatala chili chimodzi ndipo aliyense amadziwana, ngakhale mawu oti “ndinapita ndi mwana wanga wamkazi Loweruka” amatha kunena zambiri, popeza m’zipatala zambiri Loweruka ndi tsiku limene achinyamata omwa mankhwala otalikitsa moyo amakumana. Kumbukiraninso kuti uthenga ukalowa m’gulu, wina akhoza kuujambula n’kuutumiza kwina inu musanaganize zoufufuta. Ndipo mafunso adzabwera ndithu: “Pepani mayi, kodi chavuta n’chiyani?” Ambiri amafunsa mwachikondi, ndiye n’zovuta kuwakana. Yankho likhale lokonzeratu: “Zikomo, ndikupezako bwino. Nkhani yanga ndi ya zenera lija.” Anthu ambiri amasunga chinsinsi muuthenga woyamba, n’kudzachitaya poyankha funso lachitatu.

Nanga ngati wodwala si inu? Gadiyani amaona zambiri kuposa wodwala: ndiye amayenda usiku kufunafuna namwino, ndiye amagona pansi, ndiye amadziwa nthawi imene dilipi inatha popanda woisintha. Umboni wake ndi wofunika kwambiri. Koma matendawo ndi a wina. Ngati wodwala ndi wamkulu ndipo akutha kuyankha, mufunseni, ndipo muwerengereni zimene mwalemba musanatumize. Ngati ndi mwana, kumbukirani kuti zimene mwalemba lero adzazipeza ali ndi zaka 15, ndipo anzake a kusukulu akhoza kuzipeza iye asanazione. “M’bale wanga amene anagonekedwa masiku anayi” ndi mawu okwanira.

Pamene tsatanetsatane akufunika

Sindikunena kuti matenda asatchulidwe paliponse. Pali madandaulo amene sangafufuzidwe popanda kutchula zonse: mankhwala olakwika, opaleshoni imene sinayende bwino, mayi amene anabereka yekha namwino ali m’tulo, imfa yokayikitsa. Apa kubisa sikuthandiza. Chofunika ndi kudziwa khomo loyenera kugogoda.

Kuyambira chaka cha 2018 m’zipatala zikuluzikulu ndi za m’maboma muli ombuzimani wa chipatala, munthu amene ntchito yake ndi kulandira madandaulo a odwala ndi kuwatsatira. M’zipatala zing’onozing’ono muli woyang’anira, ndiponso komiti imene muli anthu a m’deralo. Nkhani ikakhala ya kulakwitsa ntchito, pali khonsolo yoyang’anira madokotala, ndi ina yoyang’anira anamwino ndi azamba, ndipo zonsezi zili ndi mphamvu yolanga. Kwa ombuzimani ndi kumakhonsolo, nenani tsiku lenileni, ola, chipinda, dzina la wogwira ntchito ngati mukulidziwa, ndipo tengani buku lanu. Komiti ya m’dera muiyese mosiyana pang’ono: mamembala ake ndi anansi anu, ndiye apatseni za maola, mankhwala ndi khalidwe, koma za thupi lanu zipite kwa wachipatala. Ngati mwaponya kapepala m’bokosi ndipo mukufuna yankho, lembani nambala ya foni m’malo mofotokoza matenda. Akakuimbirani, mudzasankha zoti munene.

Dzina la wogwira ntchito liyende njira yomweyo. Pagulu nenani udindo ndi malo: “amene anali pazenera la mankhwala masana aja.” Woyang’anira akayang’ana ndandanda ya ntchito amudziwa. Pali zifukwa ziwiri. Choyamba, kunena pagulu kuti uje amaba mankhwala popanda umboni ndi kuipitsa mbiri, ndipo munthu akhoza kukusumirani. Nenani zimene munaona, zimene mukuganiza zisiyeni kwa ofufuza. Chifukwa chachiwiri anthu sachiganizira kawirikawiri: wachipatala sangadziteteze pagulu. Mukalemba kuti “anandikaniza jakisoni,” mwina anali ndi chifukwa chabwino, koma kuti achifotokoze ayenera kuulula za matenda anu, zimene ntchito yake imamuletsa. Akakhala wokhulupirika amangokhala chete anthu akumunyoza. Akakhala wosaugwira mtima amayankha, ndipo chinsinsi chanu chatuluka. Njira zonse ziwiri n’zoipa, ndipo zonse zimapeweka nkhaniyo ikapita m’chipinda chotseka.

Pali dandaulo lina lovuta kuposa onse: pamene cholakwacho ndi kuulula chinsinsi komweko. Namwino wafuula zotsatira zanu pakhonde, kapena waitana kuti “amene mwabwera kudzatenga mankhwala akuti, bwerani kuno,” anthu onse akumva. Munthu wopwetekedwa chotere akamafotokoza amafuna kubwereza mawu enieniwo kuti anthu amve kuwawa kwake, ndipo potero amafalitsa kwa anthu mazana zimene anamva anthu 20. Lembani chochitikacho popanda mawuwo: “Zotsatira zanga zinanenedwa mokweza pakhonde, pali odwala ena.” Aliyense womva amvetsa kuti n’kulakwa, kaya zotsatirazo zinali za chiyani. Mawu enieniwo kawanenereni kwa ombuzimani.

Njira yoyeza chipatala popanda kuyeza odwala si yachilendo kuno. M’chaka cha 2002 bungwe la CARE Malawi linayambitsa ndondomeko yoti anthu a m’mudzi azipereka malikisi ku chithandizo chimene amalandira, ndipo ndondomekoyi inafalikira m’mayiko ambiri. Amayi amakhala paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, n’kugwirizana mfundo zoyezera, monga kupezeka kwa mankhwala, nthawi yotsegulira ndi kalandiridwe ka odwala. Ogwira ntchito pachipatala nawonso amadzipatsa malikisi awo. Kenako mbali zonse zimakumana pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a zaumoyo, n’kuyerekeza malikisiwo ndi kugawana zochita. Pamsonkhano wotere mayi saimirira kunena chimene chinamutengera kuchipatala. Gulu lake limanena kuti pa nkhani ya chinsinsi lapereka malikisi ochepa chifukwa chipinda chopimira chilibe chitseko, ndipo patapita miyezi ingapo anthu amabweranso kudzaona ngati chitsekocho chaikidwa.

Munthu mmodzi akhoza kuchita zomwezo pamlingo wake, ndipo anthu angapo akachita, zotsatira zake zimalemera. Uthenga umodzi wonena kuti zenera linali lotseka kuyambira 12:15 mpaka 1:30 ukhoza kukhala tsoka la tsiku limodzi. Mwina wopereka mankhwala anathamangira kukathandiza wodwala mwakayakaya. Koma komiti ikatolera mapepala 10 a masabata osiyanasiyana, n’kupeza kuti 8 akunena za zenera lomwelo pa ola lomwelo, ili ndi nkhani yokakhalira pansi ndi woyang’anira chipatala. Mapepala otere akhoza kuwerengedwa mokweza pamsonkhano wa mudzi, eni ake ali pomwepo, wogulitsa tomato uja ali pomwepo, popanda woweramitsa mutu.